Zilembo 125 zimene mlongo wanga anawerenga

Kanema wanga anali wa masekondi 40. Ndinajambula mmene munthu angakonzere zipi ya chikwama imene ikutseguka yokha kumbuyo ukaikoka, ija imakhala ngati yatseka koma mano ake akumasukana pambuyo pa kamutu koyenda kaja. Ndi ntchito yaing'ono. Kamutu kachitsulo kameneka kamayasama pang'onopang'ono ndi kukoka kwa tsiku ndi tsiku, mpaka kamalephera kulumanitsa mano a mbali ziwirizo. Ukakafinya bwino ndi pulayala kamabwerera m'malo, zipi n'kuyambanso kugwira. Kujambula kunanditengera mphindi 20. Kulemba kapishoni, mawu aja timaika pansi pa kanema, kunanditengera pafupifupi ola lathunthu, ndipo nditamaliza ndinali wokhutira kuti palibe chimene ndasiya.

Nayi kapishoniyo monga ndinaiponyera, osachotsapo kalikonse:

"Moni nonse abale ndi alongo, ndikhulupirira kuti muli bwino. Pepani kuti ndakhala chete kwa masabata angapo, zochita zinandichulukira. Lero ndabweranso ndi kanema wina amene ndikudziwa kuti athandiza anthu ambiri. Nthawi zambiri timataya zikwama, majekete ndi mathalauza abwinobwino chifukwa choti zipi yawonongeka, pamene vuto lake ndi laling'ono. Mu kanemayu ndikuonetsani mmene mungakonzere zipi imene ikutseguka yokha kumbuyo mukaikoka. Choyamba bwezerani kamutu ka zipi pansi. Kenako tengani pulayala. Finyani kamutuko mbali imodzi, kenako mbali inayo. Mukatero yesani kukoka. Muzifinya pang'onopang'ono chifukwa kamutuko kamathyoka mukakanikiza kwambiri. Njirayi siigwira ntchito ngati mano a zipi aguluka kapena ngati kamutu ndi kapulasitiki. Ndikuthokoza mlongo wanga amene anandigwirira foni. Musaiwale kulayika, kusheya, kukomenta ndi kunditsatira, komanso mundiuze zimene mukufuna ndikonze sabata yamawa."

Ziganizo 13, zilembo zopitirira 900, ndiye pansi pake ndinaunjikapo mahashitagi 14.

## Chala cha mlongo wanga

Madzulo a tsiku lomwelo mlongo wanga, yemwe anandigwirira foni uja, anakhala pampando akuseweretsa foni yake. Ine ndinali kumbuyo kwake ndikufuna kutenga chaja, ndipo mwangozi ndinaona kanema wanga akutulukira pa sikirini yake. Ndinaima osalankhula, kufuna kuona chimene achite.

Foni inali yotsekedwa mawu. Pa sikirini panaoneka manja anga atagwira chikwama, chifukwa masekondi oyambirira ndinkangochitembenuza uku ndikupereka moni. Maso ake anatsikira pansi pa kanema. Ndinasuzumira nane, ndipo zimene zinkaoneka pamenepo zinali izi zokha: moni, chikhulupiriro changa chakuti anthu ali bwino, ndi kupepesa kuti ndakhala chete. Chiganizo chachiwiri chinadukira pakati pa liwu lakuti "zinandichulukira", kenako timadontho titatu ndi kaliwu kotuwa kakuti "more". Chala chake chachikulu chinakankha sikirini, kanema wanga n'kupita m'mwamba. Zonsezi sizinakwane masekondi atatu.

Ndinati, "Iwe, kanema ujatu ndi wathu uja."

Anabweza chala, n'kuyang'ananso. "Aa, ndi wa zipi uja? Achimwene, pepani, ndimayesa ndi uthenga woti mwabwerako. Palibe pamene palembedwa za zipi."

Ndinamuuza kuti zalembedwa, angodina "more". Anandiyang'ana n'kundifunsa funso limene landikhala m'mutu kuyambira tsiku limenelo: "Ndidine chifukwa chiyani, poti zimene ndawerengazo sizinandiuze kuti kutsogoloko kuli chiyani?"

Munthu ameneyu ndi amene anajambula kanemayo. Chikwamacho ankachidziwa, manjawo ankawadziwa. Ngati iye anapyola, nanga mlendo amene zipi yake yamuvuta m'mawa womwewo akanaima bwanji?

Usiku umenewo ndinakopera kapishoni ija mu pulogalamu yolembera imene imawerenga zilembo. Liwu lakuti "zipi" linayamba kuoneka patadutsa zilembo pafupifupi 300. Chenjezo lakuti kamutu kamathyoka linali patadutsa zilembo pafupifupi 600. Pa Instagram kapishoni imaloledwa kufika zilembo 2,200, ndipo nambala imeneyi ndi imene inali m'mutu mwanga polemba. Koma zimene munthu amaona asanadine kalikonse ndi zilembo pafupifupi 125, ndipo pa makanema oimirira odzaza sikirini aja, a Reels ndi a TikTok, zimachepa kuposa pamenepo, nthawi zambiri mzere umodzi kapena iwiri. Malo enieni odukira amasintha malinga ndi kukula kwa foni ndi kukula kwa zilembo zimene mwini foni anasankha. Ine ndinalemba ngati ndili ndi tsamba lathunthu, chonsecho ndinali ndi kazenera kakang'ono, ndipo m'kazenera kameneko ndinaikamo moni ndi kupepesa.

## Ndinadula mpaka kuvulaza

Ubwino wake kapishoni imasinthika ngakhale kanema ataponyedwa kale. M'mawa mwake ndinalowa n'kufufuta zonse. Mtima unali pa kufupikitsa basi, ndiye ndinalemba kuti:

"Zipi yavuta? Pulayala basi!"

Zilembo 27. Inaoneka yonse pa sikirini, yopanda "more", ndipo anthu anayambadi kuima. Kwa masiku awiri ndinaganiza kuti nkhani yatha.

Tsiku lachitatu mayi wina amene sindimudziwa analemba mu ndemanga kuti, "Akulu, ndayesa pa jekete la mwana wanga, kachitsulo kaja kathyoka pakati. Nditani tsopano?" Anaikapo chithunzi. Kamutu kanagawanika pawiri, mbali ya pamwamba ili payokha, ya pansi ili payokha. Timitu tambiri ta zipi timapangidwa ndi chitsulo chochita kusungunula n'kuthira m'chikombole, ndipo chitsulo choterechi chimalola kupindika pang'ono chabe. Ukapitiriza chimathyoka ngati fupa louma. Zikatero palibenso zofinya, pamafunika kamutu katsopano kolingana kukula ndi zipiyo.

Mu kanemamo chenjezo linalimo. Ndinalinena ndi pakamwa, cha pa sekondi 31. Koma mayiyo, monga anandiuzira nditamufunsa, anaonera foni ili chete chifukwa anali pagulu, ndipo ataona manja anga akufinya anati wamva, n'kupita kukatenga pulayala. Pa sikirini kufinya kwapang'ono ndi kufinya kwamphamvu zimaoneka chimodzimodzi. Kamera siionetsa mphamvu ya dzanja. Malo okhawo amene chenjezo likanamufikira anali kapishoni, ndipo ine ndinali nditalichotsamo ndi manja anga.

Panabweranso ndemanga zina zimene zinandisonyeza vuto lachiwiri. Wina anafunsa chifukwa chake njirayi yakanika pa zipi yake yokakamira. Wina anati zipi yake mano atatu anaguluka, wafinya koma palibe chasintha. Anthuwa sanalakwe. Liwu lakuti "yavuta" limanyamula matenda onse a zipi: kukakamira, kuguluka mano, kuduka kogwirira, kutseguka kumbuyo. Kanema wanga ankachiza nthenda imodzi yokha mwa zimenezi. Pofuna kusunga zilembo ndinasinthanitsa mawu olozera chinthu chenicheni ndi liwu limodzi lophimba zonse, ndiye ndinaitana anthu amene kanemayo sakanawathandiza.

Zinandipweteka, makamaka za jekete lija. Ndinamulembera mayiyo mmene angapezere nambala ya kukula kwa zipi, imene kawirikawiri imadindidwa kuseri kwa kamutu, kuti akafune kofanana nako. Koma jekete linali litawonongeka kale chifukwa cha chiganizo chimodzi chimene ndinachiona ngati chodzazira malo.

## Kukhala pansi ndi ziganizo 13

Ulendo wachitatu sindinayambe ndi kudula. Ndinabwerera ku kapishoni yaitali ija, n'kuika chiganizo chilichonse pa mzere wakewake. Kenako ndinatseka mawu a foni n'kuonera kanema wanga kawiri ngati mmene mlendo angamuonere. Pa chiganizo chilichonse ndinkadzifunsa funso limodzi: ndikachichotsa ichi, munthu amene akuonera ali chete ataya chiyani?

Ziganizo zinayi za pakati zija, zoti bwezerani kamutu pansi, tengani pulayala, finyani mbali iyi ndi iyo, yesani kukoka, zinagwa zokha. Zonsezo manja anga akuzichita pa sikirini, ndipo akuzionetsa bwino kuposa mmene mawu anganenere. Apa m'pamene ndinazindikira chimene chinatupitsa kapishoni yanga. Ndinailemba kanema ndisanamuonerenso, ndili ndi mantha akuti mwina anthu samva, choncho ndinafotokozanso kanema yense m'mawu. Ndikayang'ana makapishoni odzaza a anzanga ndimapeza nthenda yomweyi kawirikawiri: theka lake limakhala kubwereza zimene maso akuona kale.

Ziganizo zitatu zoyambirira zinali za ine. Moni, kupepesa, ndi lonjezo lakuti kanemayu athandiza anthu ambiri. Kuchotsa moni kunandivuta, sindikana. Ndimamva ngati ndayamba kulankhula ndi munthu ndisanamuyang'ane kumaso. Koma ndinakumbukira kuti makanema afupi otere amafika kwa anthu ambiri amene sakunditsatira n'komwe. Munthu amene sakundidziwa sanazindikire kuti ndinakhala chete, ndipo kupepesa kwanga kwa iye ndi mzere wotayika. Moni ndinamusiya m'mawu a pakamwa mu kanemamo, momwe amamveka ndi ulemu wake wonse popanda kutsekereza chilichonse.

Chiganizo chachinayi, chonena kuti timataya zikwama ndi majekete abwinobwino, ndi chimene ndinkachikonda kwambiri. N'choona, ndipo n'chifukwa chake ndinajambula kanemayo. Koma munthu amene wanyamula chikwama chotseguka zipi safunika kuuzidwa kuti zipi zimawonongeka. Akudziwa kale. Chinachoka.

Chiganizo chomaliza chinali ndi zopempha zisanu mu zilembo zopitirira 110: kulayika, kusheya, kukomenta, kunditsatira, ndi kundiuza zoti ndikonze. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Munthu ukamupempha zinthu zisanu nthawi imodzi sachita ngakhale chimodzi, amangoona kuti wafika pa gawo lopemphetsa lija n'kupitirira. Ndinadzifunsa kuti pa zisanuzo n'chiti chimene chikugwirizana ndi kanema ameneyu. Kanema wokonza chinthu amayenda pamene wina wamutumizira mnzake amene ali ndi vutolo. Ndinasunga chimenecho chokha.

Zitachoka zonsezi panatsala ziganizo zitatu zimene kanema sangathe kunena yekha ali chete. Choyamba, dzina la nthenda: zipi yotseguka kumbuyo. Chachiwiri, mphamvu ya dzanja: pang'onopang'ono, chifukwa kamathyoka. Chachitatu, malire: mano akaguluka kapena kamutu kakakhala kapulasitiki, njirayi siithandiza. Chodabwitsa n'chakuti zitatuzi zinalimo kale mu kapishoni yaitali ija, zolembedwa bwinobwino. Zinangokwiririka, china pa chiganizo 5, zina pa 10 ndi 11. Ndipo mu kapishoni ya zilembo 27 ija munalibe ngakhale chimodzi.

## Mawu athu ndi aatali, tiwerenge zilembo

Malangizo ambiri a kalembedwe ka makapishoni amanena za chiwerengero cha mawu, koma foni siwerenga mawu. Imawerenga zilembo, pamodzi ndi mipata ndi zizindikiro zopumira. Kwa ife olemba Chichewa izi zimaluma kwambiri, chifukwa mneni wathu amanyamula wochita, nthawi, wochitiridwa ndi zina zonse m'liwu limodzi. "Zinandichulukira" ndi liwu limodzi, koma ndi zilembo 16. Mawu khumi a Chichewa akhoza kudya kazenera konse kaja.

Koma chinenero chomwechi chili ndi njira zake zofupikitsira, ndipo ndinazipeza pogwira chiganizo chachisanu chija. "Mu kanemayu ndikuonetsani mmene mungakonzere" ndi zilembo 44 zimene zimadutsa liwu lakuti zipi lisanafike. Palibe chimene zikunena choposa kuti pali kanema ndipo muona kanthu, zimene munthu akuziona kale. Nditasandutsa chiganizocho kukhala funso, mawu onsewo anagwa: "Zipi ikutseguka kumbuyo mukaikoka?" Zilembo 34, ndipo liwu loyamba ndi dzina la chinthucho. Amene zipi yake ikuchita zimenezi amadziona m'funsomo nthawi yomweyo. Amene zipi yake ndi yokakamira amadziwa kuti si zake, n'kupitirira osawononga kanthu, ndipo kupitirira kwake ndi kwabwino.

Kuika "zipi" patsogolo kuli ndi phindu linanso. Malo ofufuzira a mapulogalamuwa amayang'ana mawu a mu kapishoni, ndiye liwu limene munthu angalembe pofufuza liyenera kukhalamo, lolembedwa lonse. N'chifukwa chake sindinatsate njira imene ambiri timathamangirako tikapanikizika ndi malo, yomeza mavawelo ngati mmene timachitira potumizirana mauthenga, "chfkwa", "kwmbr". Zimasunga zilembo ziwiri kapena zitatu, koma wowerenga amapunthwa, ndipo munthu wopunthwa pa mzere woyamba sadikira wachiwiri.

Chenjezo lija ndinalifupikitsa mwa kudalira mneni wolamula ndi kuchotsa mawu olumikizira. "Muzifinya pang'onopang'ono chifukwa kamutuko kamathyoka mukakanikiza kwambiri" linasanduka "koma pang'onopang'ono, kamathyoka". Liwu lakuti "chifukwa" linachoka, koma chifukwacho chinatsala, pakuti aliyense womva Chichewa amadziwa kuti "kamathyoka" akufotokoza chifukwa chofinyira pang'ono. Ndinayesa kuchotsanso "kamathyoka" kuti patsale "pang'onopang'ono" yekha, koma ndinalibweza. Munthu ukangomuuza kuti achite pang'onopang'ono amaganiza kuti ndi ulemu chabe wa mphunzitsi. Ukamuuza kuti chinthucho chithyoka, dzanja lake limafewa lokha. "Pang'onopang'ono" ndi zilembo 16, lalitali ndithu, ndipo ndinaganizapo zoika "mosamala" m'malo mwake. Koma "mosamala" sanena kuti usamale chiyani. Munthu akhoza kufinya mwamphamvu mosamala kwambiri.

Kapishoni yomaliza inakhala iyi:

"Zipi ikutseguka kumbuyo mukaikoka? Finyani kamutu kake ndi pulayala, koma pang'onopang'ono, kamathyoka.
Sizitheka ngati mano aguluka kapena kamutu ndi kapulasitiki.
Tumizirani amene zipi yake yavuta."

Mzere woyamba ndi zilembo 103, ndipo yonse pamodzi ndi pafupifupi 200. Mwina mwaona kuti "Finyani kamutu kake ndi pulayala" akubwereza zimene kanema akuonetsa, zomwe ndangonena kuti n'zosafunika. Ndinazisiya dala, chifukwa chenjezo limafuna pokolekapo. "Pang'onopang'ono" popanda mneni wake sangamveke kuti akunena za chiyani. Ndiponso funso lopanda yankho pa mzere woyamba limakhala ngati nyambo, ndipo ine sindifuna kukola anthu. Ndimafuna munthu adziwe kuti yankho ndi pulayala, ngati alibe akabwereke asanayambe.

Kuthokoza mlongo wanga sindinakutaye. Ndinakuika pansi penipeni pamodzi ndi mahashitagi, amene ndinawatsitsa kuchoka pa 14 kufika pa atatu onena za zipi ndi kukonza zovala. Ena aja anali ongofuna kukopa aliyense, osakhudzana ndi zimene zili mu kanema. Dzina la wojambula silifunika kuoneka munthu asanadine "more", koma liyenera kukhalapo, ndipo amene akufuna kudziwa amalipeza.

## Kuyesa pa foni ya wina

Ndisanakhutire ndinabwerekanso foni ya mlongo wanga, imene ndi yaing'ono kuposa yanga ndipo iye anakulitsa zilembo zake. Apa ndinaphunzira zinthu ziwiri zimene pulogalamu yowerenga zilembo sikanandiuza.

Poyamba ndinali nditaika kachithunzi ka chikwama kutsogolo kwa funso, ndi mzere wopanda kanthu pakati pa funso ndi yankho kuti zioneke zaudongo. Pa foni yake funso linaoneka, pansi pake mpata, kenako "more". Mzere wopanda kanthu uja unawerengedwa ngati mzere, n'kukankhira yankho ndi chenjezo kuseri. Ndinachotsa mpatawo ndi kachithunziko, n'kulumikiza funso ndi yankho pa ndime imodzi.

Chachiwiri chinali chowawa pang'ono. Pamene kanema anadzaza sikirini yonse, zimene zinaoneka ndi funso lija ndi mawu ochepa otsatira. "Kamathyoka" anabisikabe. Ndinayesa kusuntha mawu, kuika chenjezo patsogolo, koma kapishoni yoyamba ndi "Pang'onopang'ono, kamathyoka" siuza munthu kuti nkhani ndi ya zipi. M'kazenera kakang'ono chotero simungalowe zinthu ziwiri. Pamenepo ndinavomereza kuti kapishoni ili ndi malire ake: chinthu chimene munthu akachiphonya awononga katundu wake sichiyenera kudalira kapishoni yokha. Chiyenera kulembedwa pa kanema penipenipo, pa sekondi imene dzanja likuyamba kufinya.

Mawu a pansi amasinthika, koma kanema woponyedwa kale sungamusinthanitse ndi wina. Choncho ndinabwerera ku kanema woyambirira, ndinadula masekondi aja ndinkatembenuza chikwama kuti chithunzi choyamba chikhale zipi ikuyasama, ndipo pa nthawi yofinya ndinalembapo ndi zilembo zazikulu kuti "Pang'onopang'ono, kamathyoka". Mawuwo ndinawaika chapakati, osati m'munsi, chifukwa m'munsimo ndi momwe kapishoni ndi dzina la mwini kanema zimakhala, ndipo zikanawaphimba. Wakale uja ndinamuchotsa, n'kuponya watsopano.

## Yaitali ija inapita kuti

Sindikufuna wina achoke pano akuganiza kuti kapishoni yaitali ndi tchimo. Kanema yemweyo ndinamuikanso pa YouTube, kumene mutu umaloledwa zilembo 100 ndipo bokosi lofotokozera limalola 5,000. Kumeneko mzere wanga wa zilembo 103 sukanakwana pa mutu, ndiye mutu unakhala "Kukonza zipi yotseguka kumbuyo ndi pulayala", zilembo 43, wolembedwa mmene munthu angafufuzire. M'bokosi lofotokozera ndinayamba ndi chenjezo ndi malire aja, kenako ndinabwezeretsa masitepe onse anayi, ndi kuwonjezera zimene ndinalembera mayi uja zokhudza nambala ya kuseri kwa kamutu. Munthu amene watsegula bokosi limenelo wasankha yekha kuwerenga, ndipo ayenera kupezamo zonse. Pa X, pamene akaunti wamba imaloledwa zilembo 280, mizere itatu ija inalowa yonse osasintha kanthu.

Pali makanema ena amene kapishoni yake iyenera kukhala yaitali ngakhale pa Instagram: amene ali ndi miyezo yoti munthu akopere, mndandanda wa zipangizo, kapena mayina a anthu ambiri amene anagwira ntchitoyo. Pamenepo ntchito si kufupikitsa yonse. Ntchito ndi kulemba mzere woyamba woti uime pawokha ngati kuti kuseri kwa "more" kulibe kanthu, kenako zotsalazo n'kuzisanja m'munsi motsatira kufunika kwake. Kapishoni yanga yoyamba ija ikanatha kukhala ya zilembo 900 zomwezo n'kugwira ntchito, zikanakhala kuti chiganizo 5 ndi 10 zinali pamwamba.

Njira imene ndimadziwira tsopano kuti kapishoni yalakwika ndi ndemanga, osati chiwerengero cha oonera. Anthu akamafunsa funso limene yankho lake lili mu kapishoni, ndimadziwa kuti yankholo lakwiririka pansi kwambiri. Akamafunsa za vuto limene kanema sakukhudza, ndimadziwa kuti mzere woyamba ndi wotambalala, waitana anthu olakwika. Pa kanema wa zipi woponyedwanso uja mafunso anasintha mtundu. Wina anafunsa kuti pulayala yake ikhale ya mlomo wosongoka kapena wamba. Wina anafunsa ngati afinye kutsogolo kwa kamutu kapena kumbuyo. Limeneli linali funso labwino, ndipo yankho lake ndi kumbuyo, kumene mano amatulukira atalumana, mbali iliyonse payokha, kufinya kamodzi n'kuyesa kukoka usanafinyenso. Ndinaliyankha mu ndemanga n'kuikhomera pamwamba kuti ena alione, m'malo moliwonjezera mu kapishoni.

Patapita sabata mayi uja analembanso. Anapeza kamutu kolingana, anakalowetsa, jekete likuvalidwa. Anati kanema watsopanoyo wamutumizira mchemwali wake amene chikwama chake chili ndi vuto lomwelo, ndipo pamwamba pa linki anamulembera yekha mawu awiri: "Usafinye kwambiri."